Kamzere Kamodzi Kakasowa pa Chithunzi, Tiyi Amawira Yekha

Mayeso akayandikira m'sukulu zaukachenjede, kaya ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Mzuzu, mafoni a ophunzira zauinjiniya ndi zasayansi amadzaza ndi zithunzi za masamba a mabuku. Wina wapeza buku ku laibulale, wina wafukula pepala la mayeso akale. Amajambula tsambalo n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, ndipo anzake amayamba kusova aliyense ali komwe ali. Njirayi ndi yotchipa komanso yachangu, ndipo yathandiza ambiri amene sakanakwanitsa kugula mabukuwo. Koma ulipo mtundu wina wa samu umene chithunzi chojambulidwa mothamanga chimaupweteka kwambiri, chifukwa tanthauzo lake lonse lili pa tizizindikiro tochepetsetsa: kamzere kochotsera, kadontho ka pakati pa manambala, ndi timizere tiwiri toimirira pamwamba pa lemba. Samuyi ophunzira amaitchula kuti difarensho ikweshoni.

Samu zimene ambiri anasiyira ku sekondale zimafunsa nambala imodzi. Funso likati 2x + 3 = 11, yankho ndi 4, ndipo munthu safunika kudikira aphunzitsi kuti amuchongere. Amangobwezera 4 pamene panali x: 2 kuchulukitsa ndi 4 ndi 8, kuwonjezera 3 ndi 11. Zagwirizana, basi.

Difarensho ikweshoni siifunsa nambala imodzi ayi. Imatiuza liwiro limene chinthu chikusinthira, kenaka n'kutifunsa kuti tipeze ulendo wonse wa chinthucho, kuti pa nthawi iliyonse chidzakhala chili pati. Yankho lake ndi fomula yathunthu. Komatu kayesedwe kake n'komweko kakusekondale: kutenga yankho n'kulibwezera m'funso. Zimamvetsa chisoni kuti ophunzira ambiri amadumpha gawo limeneli, chonsecho ndi limene lili losavuta pa ntchito yonse.

Funso la kapu ya tiyi

M'chaka cha 1701, m'magazini ya bungwe la asayansi la Royal Society ku London munatuluka kankhani kachidule kopanda dzina la mlembi, konena za kayezedwe ka kutentha. Mlembiyo anali Isaac Newton. M'kankhanimo munali mfundo imene aliyense woika tiyi pa tebulo anaionapo kale: chinthu chotentha chimazizira mofulumira pamene chikusiyana kwambiri ndi mpweya wochizungulira, ndipo kuzizirako kumanka kuchedwa pamene kusiyanako kukuchepa. Tiyi wongotsanulidwa kumene amasiya kuwotcha milomo m'mphindi zochepa, koma akafunda amakhalitsa ali wofunda.

Mabuku ophunzitsa samuzi amakonda kuyambira pa mfundo imeneyi. Tiyerekeze kuti tsamba lojambulidwalo lili ndi funso lotere: tiyi wa madigiri 85 waikidwa m'chipinda cha madigiri 25, pezani kutentha kwake pa nthawi iliyonse. Pansi pake pali mzere uwu:

dT/dt = −0.05(T − 25), T(0) = 85

Mzerewu umawerengeka ngati chiganizo. T wamkulu ndi kutentha kwa tiyi, t wamng'ono ndi nthawi m'mphindi. Chizindikiro cha dT/dt ndi liwiro la kusintha kwa kutenthako, madigiri angati pa mphindi. Za m'mabulaketi, T − 25, ndi kusiyana kwa tiyi ndi chipinda. Nambala ya 0.05 ikunena za kapuyo, kuti imataya kutentha msanga bwanji. Ya chitsulo yopanda chivundikiro ingakhale ndi nambala yokulirapo, fulasiki ingakhale ndi yochepa zedi. Ndipo kamzere kali kutsogolo kwa 0.05, mayinasi, ndi kamene kakunena kuti tiyiyo akuzizira, osati kutentha.

Tisanasove n'komwe, mzerewu ukutiuza kale kanthu. Pachiyambi kusiyana ndi madigiri 60, choncho tiyi akutaya 0.05 kuchulukitsa ndi 60, amene ndi madigiri 3 pa mphindi. Akadzafika pa madigiri 45, kusiyana kudzakhala 20 ndipo azidzataya digiri imodzi yokha pa mphindi.

Gawo lachiwiri lija, T(0) = 85, ndi mfundo ya poyambira. Ikuti pamene wotchi inali pa ziro, tiyi anali pa madigiri 85. Popanda mfundo imeneyi ikweshoniyo ikukamba za chakumwa chilichonse choikidwa m'kapu yotere m'chipinda chimenecho: tiyi wa madigiri 90, wofunda wa 40, ngakhale thobwa lochokera mufiriji limene m'malo mozizira lizifunda mpaka kufanana ndi chipinda. Zonsezi zimatsata lamulo limodzi. Mfundo ya poyambira ndi imene imaloza kapu imodzi pakati pa zonsezo.

Kusova kwake kumatsata njira imene Gottfried Leibniz wa ku Jeremani anaipeza m'chaka cha 1691: zonse za T zipite mbali imodzi, za t mbali ina.

dT/(T − 25) = −0.05 dt

Kenaka mbali zonse ziwiri amaziintegireta, kutanthauza kusonkhanitsa tizidutswa tonse ta kusintha kuti tipange chinthu chathunthu. Kumanzere kumatuluka logarizimu, kumanja kumatuluka nthawi ndi nambala ina yosadziwika, K:

ln(T − 25) = −0.05t + K

Pochotsa logarizimuyo pamabwera e, nambala yotchuka ya pafupifupi 2.718. Apa mpamene ambiri amaterereka. K anali wowonjezera, koma logarizimu ikachoka amasanduka wochulukitsa, ndipo amapatsidwa dzina latsopano, C:

T = 25 + Ce^(−0.05t)

Tsopano mfundo ya poyambira igwire ntchito yake. Pamene t ndi ziro, e^0 ndi 1, ndiye kuti 85 = 25 + C, ndipo C ndi 60. Nambalayi si yachilendo, ndi kusiyana kwa pachiyambi kuja. Yankho lonse ndi ili:

T = 25 + 60e^(−0.05t)

Wokhala ndi kakyuleta atha kuutsatira ulendo wa tiyiyu. Pakatha mphindi 10 ali pa madigiri 61.4. Pakatha 20 ali pa 47.1. Ola likakwana ali pa 28, watsala pang'ono kufanana ndi chipinda. Kusiyana kwa tiyi ndi chipinda kumatsika ndi theka pa mphindi pafupifupi 14 zilizonse: kuchoka pa 60 kufika pa 30, kenaka 15, mpakana osamvekanso pa lilime.

Kubwezera yankho m'funso

Owerenga amene sanaphunzire kuintegireta asadandaule ngati masitepe apamwambawa awadutsa. Kuyesa yankho sikufuna luso limenelo. Kumafuna lamulo limodzi lokha: liwiro la kusintha kwa e^(at) ndi e^(at) yemweyo atachulukitsidwa ndi a. Nambala yokhala payokha, ngati 25, siisintha, choncho liwiro lake ndi ziro.

Pepala ligawidwe pawiri. Kumanzere kulembedwe liwiro la kusintha kwa yankho lathu. 25 akupereka ziro, ndipo 60 kuchulukitsa ndi −0.05 ndi −3:

dT/dt = −3e^(−0.05t)

Kumanja kulembedwe zimene funso likufuna. Tikachotsa 25 pa yankho lathu pakutsala 60e^(−0.05t), ndipo tikachulukitsa ndi −0.05 tikupeza:

−0.05(T − 25) = −3e^(−0.05t)

Mbali ziwirizi zafanana ndendende, osati pa mphindi imodzi yokha koma pa t aliyense. Amenewo ndi mayeso oyamba. Achiwiri ndi a poyambira: t akakhala ziro, yankho likupereka 25 + 60, amene ndi 85. Lakhozanso.

Mayeso awiriwa onse ndi ofunika, ndipo mayankho olakwa amene aphunzitsi amakumana nawo chaka ndi chaka amasonyeza chifukwa chake. Wophunzira wina, pothamanga, amaika 85 pamalo pa C n'kulemba T = 25 + 85e^(−0.05t). Yankho limeneli likabwezeredwa m'ikweshoni limakhoza bwinobwino, pakuti C aliyense amakhoza. Koma t akakhala ziro likupereka madigiri 110. Ndi ulendo woona, koma wa kapu ina.

Wina amaterereka pa logarizimu paja, n'kusiya K ali wowonjezerabe. Amalemba T = 25 + e^(−0.05t) + C, ndipo poika mfundo ya poyambira amapeza C = 59. Yankho lake ndi T = 84 + e^(−0.05t). Pa ziro likupereka 85, motero wophunzirayo amakhutira n'kupita ku funso lotsatira. Akanalibwezera m'ikweshoni akanaona kuti kumanzere kukutuluka −0.05e^(−0.05t), pamene kumanja kukutuluka zomwezo koma pali −2.95 wowonjezera amene alibe mnzake kumanzere. Nambala yotsalayo ndi umboni wakuti penapake palakwika, ndipo imalozanso malo ake, chifukwa 2.95 ndi 0.05 kuchulukitsa ndi 59 uja. Yankho lotereli likunena kuti tiyi atsika digiri imodzi yokha n'kukhala pa 84 mpaka kalekale.

Ilipo njira ina yoyesera imene siifuna ngakhale lamulo la e lija, koma kakyuleta yokha. Pa mphindi 10 yankho lathu likupereka 61.392, ndipo pa mphindi 10.1 likupereka 61.210. Tiyi watsika ndi 0.182 m'gawo limodzi mwa magawo khumi a mphindi, kutanthauza pafupifupi madigiri 1.82 pa mphindi. Funso likuti liwiro pa nthawi imeneyo likhale 0.05 kuchulukitsa ndi 36.392, amene ndi 1.82. Zakumana. Njirayi siitsimikizira zonse, popeza yayesa mphindi imodzi yokha, koma yankho lolakwa kawirikawiri limagwidwa pomwepo.

Nanga yankho likakhoza mayeso onse awiri, sipangakhale yankho linanso losiyana nalo limene lingakhozenso? Funso limeneli akatswiri analimbana nalo kwa nthawi yaitali. Augustin Cauchy wa ku Falansa analiyamba m'zaka za m'ma 1820, ndipo m'zaka za m'ma 1890 Picard ndi Lindelöf analimanga m'njira imene ikuphunzitsidwa lero. Mwachidule anati ngati mbali ya kumanja ya ikweshoni ikusintha mosalala pamene T akusintha, popanda kuphompho kapena kuima chilili, ndiye kuti pa mfundo ya poyambira iliyonse pali yankho limodzi lokha. Ikweshoni ya tiyi ili m'gulu limeneli. Choncho amene wabwezera yankho lake n'kuona kuti lakhoza safunikanso kuyang'ana kumapeto kwa buku. Ngakhale akanalipeza mongoganizira, ndi lomwelo.

Zilipo ikweshoni zina zimene lonjezo limeneli silizifikira. Pa dy/dt = 2√y pamene y(0) = 0, yankho la y = 0 limakhoza, ndipo la y = t² limakhozanso. Zotere sizichuluka m'mapepala a oyamba kumene, koma pamene paoneka chizindikiro cha √ ndipo poyambira ndi ziro, wosova akhale tcheru.

Zimene chithunzi chimameza

Mayeso obwezera yankho ali ndi malire amene ayenera kunenedwa poyera. Amafanizira yankho ndi funso limene wophunzira wakopera m'kope mwake, osati limene lili m'buku. Zili ngati wosula makiyi amene wapanga kiyi wotsegula bwinobwino loko amene anam'patsa, chonsecho lokoyo ndi wa khomo lina. Luso lake palibe angalikayike, koma mwini nyumba akadali panja.

Chithunzi chimawononga funso m'njira zodziwika. Tsamba la buku lalikulu limapindika chakumsana, ndipo malemba a pamenepo amafinyika. Mthunzi wa foni kapena wa dzanja umagwera pa mzere womwewo umene ukufunika. Usiku, kuwala kwa foni kumanyezimira pa pepala losalala n'kufufuta malo amodzi mbee. Pamwamba pa izi, WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo pochepetsapo zoyamba kufooka ndi timizere topyapyala. Wina akachijambulanso pa sikirini yake n'kutumiza kwina, chimafookeratu.

Tiyerekeze kuti mayinasi wa kutsogolo kwa 0.05 uja wamezedwa. Ali pafupi ndi chizindikiro cha = chimene nachonso ndi timizere togona, motero pa chithunzi chosaoneka bwino zitatuzo zimaphatikana. Wophunzira akopera dT/dt = 0.05(T − 25), asova mwaluso, apeza T = 25 + 60e^(0.05t). Abwezera m'ikweshoni yake: mbali zonse zipereka 3e^(0.05t). Ayesa poyambira: 85. Mayeso onse awiri akhoza, ndipo palibe sitepe imene walakwitsa.

Cholakwacho chimaonekera pokhapokha akafunsa kuti manambalawo akunena chiyani za tiyi. Pakatha mphindi 10 yankho lake likupereka madigiri pafupifupi 124, pakatha 20 likupereka 188. Madzi a m'poto wosatseka sapitirira madigiri 100 ngakhale m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo ku Lilongwe, komwe ndi kokwera mamita opitirira 1,000, amawira asanafike n'komwe pa 100. Apa tiyi ali pa tebulo, palibe moto, koma akutentha yekha. Amenewa ndi mayeso achitatu, ofunsa ngati yankho likugwirizana ndi nkhani ya funso, ndipo ndi okhawo amene angagwire mayinasi wosowa. N'chifukwa chake mawu a funso ayenera kujambulidwa pamodzi ndi fomula. Amene amadula chithunzi n'kutumiza mzere wa manambala wokha, poganiza kuti mawuwo ndi ongokometsera, amawalanda anzake chida chimenechi.

Kadontho nako kamasowa. Ziro mmodzi akabisika ndi mthunzi, 0.05 amawerengeka 0.5. Tiyi wa yankho limenelo akuzizirabe, sakuchita zodabwitsa zowira yekha, koma pakatha mphindi 10 ali kale pa madigiri 25.4. Amene anamwapo tiyi akayikira ndithu, pakuti kapu yodzadza siizizira chotero. Koma funso likanakhala la kachidutswa ka chitsulo koviikidwa m'madzi, liwiro limenelo silikanadabwitsa aliyense.

Ndiye pali zolakwa zina zimene palibe mayeso angazigwire. Pa chithunzi chofooka 8 ndi 3 amafanana kwambiri. Wowerenga 35 m'malo mwa 85 apeza T = 25 + 10e^(−0.05t), yankho lomveka, la tiyi wofunda amene akuzizira modekha. Samu ilibe chonena pamenepa. Mankhwala ake ndi amodzi: kubwerera ku tsamba lenileni, kapena kupempha amene ali nalo kuti awerenge mzerewo mokweza, nambala imodziimodzi. Ngati funso linalembedwa pamanja pa bolodi, vuto limakula, chifukwa T wamkulu ndi t wamng'ono amasiyana pang'ono, ndipo t wolembedwa mothamanga amaoneka ngati pulasi.

Timizere tiwiri pamwamba pa y

Pali malo amodzi pamene funso lokha limathandiza kugwira cholakwa cha chithunzi, ndipo wosova aliyense ayenera kuwadziwa.

Liwiro la kusintha limalembedwa m'njira zingapo. Leibniz ankalemba dy/dt, ndipo kalembedwe kameneka kamapirira chithunzi choipa chifukwa malemba ake ndi aakulu. Newton ankaika kadontho pamwamba pa lemba. Joseph Lagrange, amene anagwira ntchito ku Berlin ndi ku Paris, anafalitsa njira yoika kamzere koimirira: y′ ndi liwiro, y″ ndi liwiro limene liwirolo likusinthira. Njira ya Lagrange ndi yachangu polemba, n'chifukwa chake mabuku ndi aphunzitsi amaikonda. Koma pa chithunzi chochepetsedwa timizere tiwiri timagundana n'kuoneka ngati kamodzi.

Tiyerekeze kuti funso lachiwiri pa tsamba lija ndi la chitsulo cholendewera pa sipuling'i, chimene chakankhidwa ndipo chikukwera n'kutsika:

y″ + 4y = 0, y(0) = 3, y′(0) = 8

Apa y ndi mtunda wa chitsulocho kuchoka pamalo ake opumira, m'masentimita, ndipo t ndi masekondi. Mfundo za poyambira zilipo ziwiri: chinayambira pa masentimita 3, ndipo chinali ndi liwiro la masentimita 8 pa sekondi. Ziwirizo sizinangoikidwa. Kuti munthu adziwe kumene chinthu choponyedwa chipite, ayenera kudziwa pamene chinachokera komanso liwiro limene chinanyamukira. Lamulo lake n'lakuti ikweshoni ya kamzere kamodzi imafuna mfundo imodzi ya poyambira, ya timizere tiwiri imafuna ziwiri.

Ndiye wophunzira akawerenga pa chithunzi kuti y′ + 4y = 0, koma pambali pake pali mfundo ziwiri, akayikire maso ake asanagwire cholembera. Akapitiriza, samu yokha imukana. Ikweshoni imeneyo pamodzi ndi y(0) = 3 ikupereka y = 3e^(−4t), ndipo liwiro lake pachiyambi ndi −12. Funso likuti 8. Palibe njira yogwirizanitsira ziwirizi, chifukwa panali nambala imodzi yokha yosadziwika ndipo yatha kale pa mfundo yoyamba. Ndipotu sipafunika kusova konse kuti zioneke: y akakhala 3, ikweshoni yokoperedwayo ikukakamiza y′ kukhala −12 pomwepo. Wophunzira wosadziwa izi amatha usiku wonse akufufuza cholakwa m'masitepe ake, kapena kuganiza kuti buku linasindikizidwa molakwika, pamene vuto ndi kamzere kamene chithunzi chabisa.

Funso lenileni limasoveka chonchi. Likufuna chinthu chimene liwiro lake likatengedwa kawiri chimabwerera chokha chili chozondoka ndi chochulukitsidwa ndi 4. Zimene zimachita zimenezo ndi cos 2t ndi sin 2t, motero yankho lili ndi manambala awiri osadziwika:

y = A cos 2t + B sin 2t

Pa ziro, cos ndi 1 ndipo sin ndi 0, choncho A = 3. Liwiro lake ndi y′ = −2A sin 2t + 2B cos 2t, limene pa ziro likupereka 2B. Ndiye 2B = 8, ndipo B = 4. Ambiri amaiwala 2 ameneyu n'kulemba B = 8. Yankho lolondola ndi ili:

y = 3 cos 2t + 4 sin 2t

Kuliyesa kumafuna mayeso atatu tsopano, ikweshoni ndi mfundo ziwiri zija. Liwiro ndi y′ = −6 sin 2t + 8 cos 2t, limene pa ziro ndi 8. Kutenganso liwiro kachiwiri kukupereka y″ = −12 cos 2t − 16 sin 2t. Mbali inayo, 4y ndi 12 cos 2t + 16 sin 2t. Kuphatikiza ziwirizi zonse zikudyana n'kutsala ziro, monga funso likufunira. Ndipo y pa ziro ndi 3. Yankho la B = 8 lija limakhoza mayeso awiri, ikweshoni ndi malo oyambira, koma limagwa pa liwiro, pamene likupereka 16. Amene wayesa ziwiri zokha n'kutopa saliona.

Yankholi likufotokoza chitsulo chimene chikufika masentimita 5 mbali iliyonse ya malo ake opumira, ndipo ulendo umodzi wopita n'kubwerera ukutenga masekondi pafupifupi 3.14. Woyesa ndi kakyuleta aonetsetse kuti pa sikirini pakuoneka RAD kapena R, osati DEG kapena D. Malamulo a liwiro la sin ndi cos amene agwiritsidwa ntchito apa amayenda ndi muyeso wa RAD, ndipo kakyuleta yosiyidwa pa DEG imatsutsa yankho lolondola.

Tisaiwalenso kuti mayeso onsewa amanena za samu ya pa pepala, osati za kapu yeniyeni kapena sipuling'i yeniyeni. Tiyi weniweni amatayanso kutentha kudzera mu nthunzi, makamaka akadali wotentha kwambiri, choncho m'mphindi zoyamba amazizira msanga kuposa mmene nambala imodzi ya 0.05 inganenere. Sipuling'i yeniyeni imatopetsedwa ndi mpweya n'kuima, pamene ya m'funso imavina mpaka kalekale. Injiniya akafuna kudziwa ngati ikweshoni ikugwirizana ndi chinthu chenicheni, amatenga choyezera n'kukayeza. Imeneyo ndi ntchito ina, yobwera samu ikatha.

Kujambula tsamba kuti lisoveke

Zambiri mwa zovutazi zimapeweka pa nthawi yojambula. Buku ligonekedwe pa tebulo ndipo tsamba lipsinjidwe kuti liwongoke. Foni ikhale pamwamba penipeni pa tsamba, osati chammbali. Kuwala kwa masana pafupi ndi windo kumaposa kuwala kwa foni. Funso limodzi pa chithunzi chimodzi, mawu ake onse alimo, ndi bwino kuposa masamba awiri pa chithunzi chimodzi. Wojambula asanatumize akuze chithunzicho ndi zala pa mzere wa fomula n'kuona ngati mayinasi aliyense, kadontho kalikonse ndi timizere ta pamwamba zikuoneka. Potumiza pa WhatsApp, kusankha Document m'malo motumiza ngati chithunzi wamba kumasunga chithunzicho mmene chinajambulidwira. Kumadya bandulo yochulukirapo, koma pa tsamba la samu ndalamayo siinatayike.

Wolandira nayenso ali ndi mbali yake. Akopere funso lonse m'kope asanayambe kusova, kenaka afanizire zimene walemba ndi chithunzi, chizindikiro chimodzichimodzi. Pamene akukayika azunguze ndi pensulo m'malo mongosankha chimene chikuoneka chosavuta kusova. Awerenge timizere ta pamwamba pa y n'kuwerenganso mfundo za poyambira, aone ngati chiwerengero chikufanana. Ndipo ngati chizindikiro china chakanika kuoneka ndipo tsamba silingapezekenso, alembe pamwamba pa ntchito yake mmene wachiwerengera, kuti wochonga kapena mnzake woyang'ana adziwe funso limene layankhidwa.

Inu amene mukukonzekera mayeso, mukamagawa nthawi ya funso lililonse siyani mphindi zitatu zakumapeto. Tengani liwiro la yankho lanu mulibwezere m'ikweshoni, ikani t = 0 pa mfundo iliyonse ya poyambira, ndipo ikani t = 10 muone ngati nambala yotulukayo ikugwirizana ndi nkhani ya funso. Ngati funsolo munalitenga pa foni, litseguleninso chithunzi chija muwerenge mzere woyamba kachiwiri musanapereke pepala.